Kuchedwetsa kanema wa pa foni kuti asamadukize: masamu ake ndi kachitidwe kake

Ndimajambula ndi kukonza makanema a maukwati kuno ku Salima, ndipo kachidutswa kamene kanandiphunzitsa nkhani iyi sindinakajambule ndine. Unali ukwati wa mu Julaye. Titachoka ku tchalitchi tinapita ku Senga Bay kukajambulitsa pa mchenga, mwera ukuwomba ndithu. Ine ndili kalikiliki kusintha batire la kamera, mkwatibwi anatembenuka kuti ayang'ane amayi ake amene ankamuitana, mphepo n'kunyamula velo yonse m'mwamba, chilumba cha Namalenje chikuoneka kumbuyo kwake. Kamera yanga inali yozima. Amene anagwira chithunzicho anali mtsikana wina wa pa mzere wa operekeza, ndi foni yake wamba.

Banja litaona kachidutswako pa foni linandiuza kuti kalowe mu kanema wa ukwati, ndipo kayende pang'onopang'ono monga amachitira m'mafilimu. Ndinakaika, ndinatsitsa liwiro kufika pa theka, ndinapereka ntchito. Patapita masiku awiri azakhali a mkwatibwi anandiimbira. "Achimwene, pamene mwana wathu akutembenuka paja kanema akumachita ngati akukakamira. Kodi ndi TV yathu kapena?" Sinali TV yawo. Ndinawapepesa, ndinatenganso ntchitoyo, ndipo zimene ndikulemba apa ndi njira imene ndinakonzera, imene ndimatsatira mpaka lero munthu akandipatsa kanema wamba kuti ndimuchedwetse.

Chimene chimadukizitsa

Kanema ndi zithunzi zambirimbiri zoonetsedwa motsatizana mwachangu. Chithunzi chilichonse timachitcha felemu. Foni zambiri, mukangotsegula kamera n'kuyamba kujambula, zimatenga mafelemu 30 pa sekondi imodzi, zimene pa sikirini amalemba kuti 30 fps. Diso likalandira zithunzi zosiyana 24 kapena kupitirira apo pa sekondi, limaona kuyenda kosalala. Zikachepa kwambiri, limayamba kuona chithunzi chilichonse pachokha, ndipo ndi kumeneko kudukiza.

Tsono taganizirani zimene ndinachita poyamba paja. Kutembenuka kwa mkwatibwi kunatenga sekondi imodzi ndi theka, kutanthauza mafelemu 45. Ine ndinauza kompyuta kuti ikokere mafelemu amenewo pa masekondi atatu. Kanema wa ukwati yense anali wa 25 fps, choncho masekondi atatuwo ankafuna mafelemu 75. Alipo 45, akufunika 75. Enawo achokera kuti? Kompyuta ikapanda kuuzidwa china imangobwereza amene alipo: ili lioneke kawiri, lotsatira kawiri, linalo kamodzi, kenako n'kuyambiranso. Pa sekondi iliyonse diso linkalandira zithunzi zosiyana 15 zokha, komanso zosakhalitsa mofanana. Azakhali aja anaona zenizeni.

Mfundo yonse yagona pamenepa. Kuchedwetsa sikubala zithunzi zatsopano. Ndiye ntchito yathu ndi itatu: kugwiritsa ntchito zithunzi zenizeni zonse zimene zilipo, kupempha kompyuta kuti ipeke zochepa zokha, ndiponso kuziona ndi maso athu zimene yapekazo tisanapereke ntchito kwa mwini wake.

Choyamba: pezani kanema weniweni, mudziwe mafelemu ake

Musayambe ntchito ndi kanema amene wadutsa pa WhatsApp mwa njira ya masiku onse. Amakhala atafinyidwa kuti achepe, m'mbali mwa zinthu mutasanduka timabokosi, ndipo mukamuchedwetsa timabokosi timeneti timaonekera poyera. Mwini foni akutumizireni ngati Document, kapena mukumane mukopere ndi chingwe. Ine ndinakwera kabaza mpaka ku Kamuzu Road kukakumana ndi mtsikana uja, ndipo ulendowo sunapite pachabe: kanema wa m'foni mwake anali wakuthwa kutalitali kuyerekeza ndi amene ndinalandira poyamba.

Mukamupeza, onani mafelemu ake. Pa foni zambiri zimaoneka pa Details kapena Info ya kanemayo. Pa kompyuta pali kapulogalamu kaulere kotchedwa MediaInfo, ndipo mizere iwiri yofunika ndi Frame rate ndi Frame rate mode. Mzere wachiwiriwu anthu ambiri sauyang'ana. Ukanena kuti Variable, ndiye kuti foniyo simatenga mafelemu 30 ndendende sekondi iliyonse. Pena imatenga ochepera, makamaka kukachita mdima kapena foni ikatentha. Pa liwiro la masiku onse simungazindikire, koma mukachedwetsa kusiyana kumeneku kumakula. Konzani zimenezi musanalowetse kanemayo mu pulogalamu yokonzera. Mu pulogalamu yosinthira makanema ya HandBrake, pa Video, ikani Framerate pa 30 ndipo musankhe Constant Framerate. Amene mumagwiritsa ntchito ffmpeg, lamulo lake ndi ili:

```
ffmpeg -i velo.mp4 -vf fps=30 -c:v libx264 -crf 18 -c:a copy velo30.mp4
```

Chenjezo limodzi pamenepa. Ngati foniyo inali mu mdima ndipo inkangotenga mafelemu 20 kapena kuchepera, kukonza kumeneku kumadzaza mipata ndi mafelemu obwereza. Papepala kanemayo amaoneka wa 30, koma zithunzi zenizeni zili zochepa. Njira yodziwira ndi yosavuta: muimikeni, muzidina batani la muvi wa kumanja kamodzikamodzi pamene pali kuyenda. Mukadina koma chithunzi osasuntha, limenelo ndi felemu lobwereza. Zikamachitika pafupipafupi, kanema ameneyo musamuchedwetse n'komwe, muuzeni mwini wake zoona. Wa ku Senga Bay uja anajambulidwa dzuwa likuswa mtengo, ndipo mafelemu onse 45 anali osiyana.

Chachiwiri: tengani kuchedwa kwaulere

Pali kuchedwa kwina kumene sikufuna kupeka felemu ngakhale limodzi, ndipo ndimakutcha kwaulere. Kumapezeka pamene kanema amene mwapatsidwa ali ndi mafelemu ambiri kuposa a kanema amene mukupanga. Masamu ake ndi awa:

```
liwiro = fps ya kanema womaliza ÷ fps ya kachidutswa
```

Kwa ine zinali 25 kugawa ndi 30, zimene zimapereka 83.3%. Pa liwiro limenelo felemu lililonse la foni limaoneka kamodzi, palibe lotayidwa, palibe lobwerezedwa. Kanema womaliza akakhala wa 24, ndiye 24 kugawa ndi 30 ndi 80%. Mukakhala ndi mwayi woti wojambulayo anaika foni pa 60, ndiye pa kanema wa 30 mutha kutsika mpaka 50% mwaulere, pa wa 24 mpaka 40%. Koma 30 pa 30 palibe chaulere chilichonse. Mukangotsika pang'ono, kubwereza kapena kupeka kwayamba.

Musapeputse 80% kapena 83%. Sikuchedwa koti munthu n'kunena kuti "apa achedwetsa", koma kuyenda kwa munthu kumafewa, kugwedera kwa dzanja la wojambula kumachepa, ndipo chithunzi chimakhala ndi ulemu wake. Nthawi zambiri mkwati ndi mkwatibwi akamalowa mu holo ndimalekera pomwepa osapitirira.

Njira yabwino yochitira zimenezi si kulemba 83.3 pa bokosi la liwiro, chifukwa nambalayo sithera bwino. Uzani pulogalamuyo kuti iwerenge kachidutswako ngati kuti kanajambulidwa pa 25. Mu DaVinci Resolve, dinani kumanja pa kachidutswako mu Media Pool musanakaike pa tayimulayini, mzere umene timayalapo zidutswa za kanema, sankhani Clip Attributes, ndipo pa Video Frame Rate musinthe 30 kukhala 25. Mu Premiere Pro ndi Modify, kenako Interpret Footage, n'kulemba 25 pa Assume this frame rate. Mukatero kachidutswa kanga ka masekondi 8, kokhala ndi mafelemu 240, kamatalika kukhala masekondi 9.6, ndipo pulogalamuyo imakaona kuti kali pa 100%. Kuyambira pano nambala zonse zimene nditchule zikuwerengedwa kuchokera pamenepa.

Pali phindu linanso lobisika. Kachidutswa ka 30 mukakaponya pa tayimulayini ya 25 osachita izi, pulogalamu imataya felemu limodzi pa asanu ndi limodzi alionse kuti nthawi ikwanire. Ndiye ngakhale musanachedwetse kalikonse, kamera ikamayenda cham'mbali mumaona kakudumpha kakang'ono kobwerezabwereza. Ambiri amaimba mlandu foni, chonsecho vuto ndi kusagwirizana kwa manambala.

Ngati chithunzi chikugwedera ndipo mukufuna kuchikhazikitsa ndi Stabilization, chitani zimenezo tsopano, musanapitirire. Kompyuta imapeka bwino mafelemu pamene kumbuyo kwakhazikika.

Chachitatu: sankhani kamphindi, osati kachidutswa konse

Apa ndi pamene ndimasiyana maganizo ndi anzanga ambiri a ntchitoyi. Iwo amachedwetsa kachidutswa konse kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ine ndimati felemu lililonse lopeka ndi mpata woti chinachake chilakwike, ndiye ndichepetse mipatayo. Komanso woonera amatopa. Mkwatibwi akungoyenda pa mchenga masekondi 16 pang'onopang'ono, anthu pabalaza amayamba kucheza zina.

Pa masekondi 8 aja, chimene banja linkachifuna ndi velo ikukwera ndi nkhope ikutembenuka. Ndinayenda felemu ndi felemu mpaka ndinapeza pamene phewa likuyamba kuzungulira, pa felemu la 90, ndi pamene velo yafika pamwamba n'kuyamba kugwa, pa felemu la 135. Pakati pamenepa ndi pamene pachedwe. Kwina konse kukhale pa kuchedwa kwaulere kuja.

Nanga pachedwe bwanji? Sankhani 50%, osati 60% kapena 45%. Chifukwa chake ndi ichi. Pa 50% mafelemu amasinthana mwadongosolo: lenileni, lopeka, lenileni, lopeka, ndipo lopekalo limakhala pakatikati penipeni pa awiri enieni. Theka la zimene woonera akuona ndi zithunzi zoona, ndipo cholakwika chikachitika chimangokhala felemu limodzi diso lisanalandire loona. Pa 60%, mwa mafelemu asanu alionse, limodzi lokha ndi limene limagwera pa chithunzi chenicheni, ena anayi onse ndi opeka. Zimadabwitsa, koma kuchedwetsa pang'ono kumatha kuwononga kwambiri kuposa kuchedwetsa ndi theka. Kutsika mpaka 25% ndiye kuti pakati pa zithunzi ziwiri zenizeni kompyuta ikupeka zitatu, ndipo pa kanema wa foni wokhala ndi anthu akuyenda sindichita zimenezo.

Kwa ine mafelemu 45 aja pa 50% anakhala pafupifupi 90, amene pa 25 fps ndi masekondi 3.6. Poyerekeza ndi mmene zinachitikira pa mchenga paja, liwiro lake ndi 41.7%, kutanthauza kuti ndinachedwetsa kwambiri kuposa ulendo woyamba uja umene unadukiza, koma tsopano manambala akugwirizana.

Mu Resolve, sankhani kachidutswako n'kudina Ctrl ndi R kuti Retime Controls itseguke. Ikani mzere woonetsa pamene muli pa felemu loyambira, dinani kamuvi kamene kali pafupi ndi 100%, sankhani Add Speed Point. Chitaninso chimodzimodzi pa felemu lomalizira. Gawo la pakati lipatseni Change Speed, 50%.

Chachinayi: uzani kompyuta mmene idzazire mipata

Pali njira zitatu, ndipo mapulogalamu onse akuluakulu ali nazo, kungoti mayina amasiyana pang'ono. Mu Resolve zili mu Inspector pansi pa Retime and Scaling, pa mzere wa Retime Process. Mu Premiere zili pa Time Interpolation.

Yoyamba ndi Nearest, imene Premiere imaitcha Frame Sampling. Iyi ndi yongobwereza ija, ndipo kawirikawiri ndi imene imakhala yosankhidwa kale mukapanda kukhudza. Ndiyo inandipalamulira kwa azakhali aja.

Yachiwiri ndi Frame Blend. Imatenga zithunzi ziwiri zoyandikana n'kuzisanjikiza, chilichonse chikuoneka mwa theka. Kudukiza kumachepa, koma chinthu chikamayenda mwachangu mumaona manja awiri pamene pali dzanja limodzi, ngati mzukwa ukutsatira munthu. Pa kanema wa dzuwa lowala mzukwawo umaoneka kwambiri, chifukwa foni ikakhala padzuwa imatsekula ndi kutseka diso lake mwachangu zedi, felemu lililonse n'kukhala lakuthwa, ndiye mbali ziwiri zakuthwa zikasanjikizana sizibisika.

Yachitatu ndi Optical Flow, ndipo iyi ndiyo imapekadi. Imayang'ana kumene kadontho kalikonse ka chithunzi kanali mu felemu loyamba ndi kumene kafika mu lachiwiri, n'kujambula felemu latsopano kadonthoko kali pakati pa ulendo. Ikagwira bwino, simungasiyanitse ndi kanema wojambulidwa pa 60. Kuthwa kwa padzuwa kumene kumavutitsa Frame Blend kuja, iyi kumaithandiza, poti imaona bwino malire a zinthu. Sankhani Optical Flow, ndipo pa Motion Estimation muike Enhanced Better. Imalemera pa kompyuta, koma popeza tikuchedwetsa masekondi ochepa okha, ngakhale laputopu yakale imapirira.

Musaweruze zotsatira pongodina batani loonetsa. Laputopu ikalemedwa imadumpha mafelemu yokha, ndipo mungaganize kuti njirayo yalephera pamene vuto ndi mphamvu ya makina. Kaphikeni kaye kachidutswako: mu Resolve dinani kumanja n'kusankha Render in Place, mu Premiere ndi Render In to Out. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Mukamayenda ndi batani la muvi, chithunzi chikusuntha pa kudina kulikonse koma poonetsa chikudukiza, vuto ndi kompyuta. Chikamaima pa kudina kwina, vuto lili mu kanema.

Chachisanu: yendani felemu ndi felemu, mufufuze pamene yanama

Gawo ili ndi limene limatenga nthawi, ndipo ndi limene ambiri amalidumpha. Optical Flow simadziwa kuti ichi ndi dzanja, iyi ndi nyanja. Imangotsatira mitundu ndi mawonekedwe. Ndiye imasokonezeka pamene chinthu chikudutsa kutsogolo kwa chinzake, pamene zinthu zofanana zachuluka, ndi pamene chinthu chaonekera mwadzidzidzi. Kwathu kuno zimenezi ndi zatsiku ndi tsiku: mafunde akuswekera pa mchenga, madontho a madzi ana akamasambira, ukonde wa asodzi, chitenje cha maluwa ang'onoang'ono obwerezabwereza, ndalama zikuuluka pa perekaniperekani, ndi kuwala kwa kamera za anthu ena kumene kumayeretsa felemu limodzi lokha. Chizindikiro chake n'chakuti m'mbali mwa munthu mumapindika ngati pulasitiki yoyandikira moto, kumbuyo kumakokedwa kutsatira mutu kapena dzanja, kapena chala chimasowa felemu limodzi n'kubwereranso.

Kulitsani chithunzi chidzaze sikirini, muyende mafelemu onse 90, maso ali pa malo atatu: nkhope, manja, ndi malire a munthu ndi zakumbuyo. Pa kachidutswa kanga nkhope inatuluka bwino kwambiri, chifukwa mkwatibwi ankatembenuka mofatsa ndipo kumbuyo kwa mutu wake kunali thambo lopanda kanthu. Mavuto anali awiri.

Loyamba linali pansi pa chithunzi, pamene mafunde ankafika pa mchenga. Thovu linkachita ngati phala likubwata, kumatambasuka n'kukhwinyata. Apa mankhwala ake anali osavuta. Foni ija inajambula chithunzi chachikulu bwino, ndiye ndinachikulitsa pang'ono, kufika pa 115%, n'kuchikweza kuti mzere wa thovu utuluke kunja. Nyanja ya patali, imene mafunde ake amaoneka aang'ono, inalibe vuto. Kumbukirani kuti kukulitsa kumafewetsa chithunzi, ndiye pa kanema wa foni musapitirire kwambiri pamenepa.

Lachiwiri linali lovuta. Chakumapeto, velo itafika pamwamba, mphepo inaikankhira kutsogolo ndipo nsonga yake inadutsa pa tsaya la mkwatibwi. Velo ndi nsalu yoonekera mkati, ndiye pamalo amodzi pali zinthu ziwiri zoyenda mosiyana, nsalu kupita uku, nkhope kupita uko. Kompyuta inasankha kutsatira nsalu, ndipo kwa mafelemu angapo tsaya ndi ngodya ya mlomo zinakokedwa ngati munthu watupa. Poonetsa pa liwiro lake zinkangodutsa ngati kuphethira, koma mayi wa mwana amaona nkhope ya mwana wake kuposa mmene ine ndingaionere, ndipo ukwati amauonera kambirimbiri.

Ndinayesa njira ziwiri. Poyamba ndinadula kachidutswako pamene velo ikufika pa tsaya, gawo lotsatiralo n'kulipatsa Frame Blend m'malo mwa Optical Flow. Pa zinthu zopanda malire olimba, monga utsi, madzi ndi nsalu yopyapyala, Frame Blend nthawi zina imaposa, chifukwa mzukwa wake umangooneka ngati kufewa kwa nsaluyo. Nkhope inasiya kupindika, koma kusintha kwa kaonekedwe pakati pa magawo awiriwo kunkaoneka. Ndiye ndinatenga njira yachiwiri, imene ndi yodalirika nthawi zonse: kubweza malire. Ndinasuntha Speed Point yomalizira kuchoka pa felemu la 135 kubwerera pa 126, velo isanakhudze tsaya. Kuchedwa kunafupika kukhala mafelemu enieni 36, pafupifupi masekondi 2.9 pa sikirini, ndipo velo inadutsa pa nkhope kanema atabwerera kale pa mafelemu enieni okhaokha. Ndinataya kachigawo ka sekondi, nkhope n'kukhala yake.

Ngati mwayesa zonsezi koma pakupindikabe, bwererani pa kuchedwa kwaulere kuja mulekere pomwepo. Kachidutswa ka anthu akuvina beni kapena chimtali, miyendo ndi manja zikupingasana, kojambulidwa pa 30, sikachedwetseka bwino ndi njira iliyonse mwa zitatuzi.

Chachisanu ndi chimodzi: fewetsani polowera ndi potulukira

Liwiro likasintha mwadzidzidzi kuchoka pa 100% kufika pa 50%, diso limamva ngati galimoto yaponda buleki mwamphamvu, ndipo woonera amati kanema wadukiza ngakhale mafelemu onse ali bwino. Mu Resolve dinani kumanja pa kachidutswako, sankhani Retime Curve, muonetse mzere wa Retime Speed. Dinani kadontho ka pamene liwiro likusintha, kenako kabatani kokhala ndi mzere wokhota pamwamba pake. Ngodya yakuthwa ija isanduka chitunda chotsetsereka, ndipo timikono take mutha kutikoka kuti chitundacho chitalike kapena chifupike.

Chisatalike kwambiri. Pa chitunda pamenepa liwiro limadutsa manambala onse osagwirizana aja, 90, 73, 61, ndipo pafupifupi felemu lililonse ndi lopeka. Ine ndimapereka mafelemu 8 mpaka 12, osafika theka la sekondi. Ndipo ndimaika chitundacho pamene thupi layamba kale kuyenda, monga phewa likuzungulira, chifukwa diso likamatsatira kuyenda silizindikira kuti nthawi yasintha. Mukafewetsa potulukira, yang'ananinso kuti chitundacho sichinafike pa malo ovuta aja. Kwa ine ndinaonetsetsa kuti chatha velo isanafike pa tsaya.

Mawu ake musawachedwetse. Nthungululu yochedwetsedwa imamveka ngati kulira kwa ng'ombe, ndipo ngakhale Pitch Correction, imene imabwezera mawu pa kamvekedwe kake, imasiya mawuwo akunjenjemera. Lekanitsani mawu ndi chithunzi, muzimitse a kachidutswako pamene pachedwa, muike nyimbo kapena phokoso la mafunde lotengedwa pena pa liwiro lake lenileni. Ine ndinasiya mawu a amayi ake akuitana dzina atangotsala pang'ono kutembenuka, kenako mafunde okha.

Amene mukukonzera pa foni

Ambiri kuno amakonza makanema pa CapCut, ndipo masamu ndi omwewa. Dulani kachidutswa ndi Split poyambira ndi pothera kamphindi kanu, gawo la pakati mulipatse Speed, Normal, 0.5x, ndipo muyatse chosankha chosalazira chimene chimaoneka liwiro likatsika pansi pa 1x. Dzina lake limasinthasintha, pena Make it smoother pena Smooth slow-mo, ndipo pa mafoni ena chimafuna kulipira. Pakakhala kusankha pakati pa chachangu ndi chabwino, tengani chabwinocho mudikire. Pofuna kufewetsa polowera, gwiritsani Curve n'kusankha Custom, koma mukweze timadontho take kuti pasakhale kotsika kupitirira 0.5x. Zokonzeratu monga Bullet ndi Hero zimatsika kwambiri, zimayenera kanema wa mafelemu ambiri, ndipo pa wa 30 ndi zimene zimabweretsa kudukiza kumene timakuona pa masitetasi ambiri.

Potulutsa kanema, Frame rate ikhale yogwirizana ndi masamu anu. Kanema wa 30 wokhala ndi 0.5x pakati atuluke pa 30. Kumutulutsa pa 60 sikuwonjezera kusalala kulikonse. Ngati ndi kanema wamfupi wopanda wolankhula, mutha kutenga kuchedwa kwaulere: zidutswa zonse muziike pa 0.8x, kamphindi kapadera pa 0.4x, mutulutse pa 24. Koma zikhale zonse. Kachidutswa kamene mwakasiya pa 1x kadzataya felemu limodzi pa asanu alionse, ndipo kadzadumpha.

Kufulumizitsa kulibe mavuto ambiri chifukwa mafelemu amachita kutsala. Gwiritsani manambala athunthu, 2x, 3x kapena 4x, kuti otayidwa atayidwe mwadongosolo, 1.5x imadumpha mosalingana. Apa Frame Blend ndiyo yabwino, popeza imapaka kakufufuma kamene kamachititsa liwiro kuoneka lachibadwa. Chimene chimawononga ndi kugwedera kwa dzanja, kumene kumafulumira limodzi ndi kanemayo, ndiye mdipiti wa galimoto za ukwati wojambulidwa muli pa kabaza muukhazikitse kaye musanaufulumizitse.

Ukwati wotsatira

Kuchokera nthawi imeneyo, tisananyamuke kupita kunyanja ndimapempha operekeza awiri kapena atatu kuti asinthe foni zawo kuchoka pa 30 kupita pa 60. Kumadya malo ambiri m'foni, ndiye ndimawauza kuti achite zimenezo panja pokha, masana. Mu holo usiku ayi, pa zifukwa ziwiri. Pa 60 felemu lililonse limalandira kuwala kochepa, chithunzi chimada n'kudzaza timchenga. Komanso magetsi athu ndi a 50 Hz, ndipo mababu ena, makamaka machubu ndi ma LED otchipa, amaphethira motsatira magetsiwo. Foni ya 60 imatha kugwira kuphethirako ngati mizere yakuda yoyenda pa chithunzi, ndipo mukachedwetsa mizereyo imaoneka kwambiri. Kamera imene ili ndi 50 fps ndiyo yoyenera m'nyumba, ndipo 50 pa kanema wa 25 imakupatsani theka la liwiro popanda felemu lopeka ngakhale limodzi.

Kanema wokonzedwanso uja ndinakapereka ndekha pa fulashi, ndipo tinauonera limodzi pa TV yomwe ija. Pa kachidutswa ka velo azakhali anati tibwereze, ndipo tinabwereza katatu. Anafunsa ngati kachidutswa ka perekaniperekani, kamene mlamu wawo anajambula mu holo usiku, kangachedwetsedwenso chimodzimodzi. Ndinakatsegula pa laputopu pomwepo, tinayenda ndi batani la muvi, ndipo pa kudina kutatu kulikonse kumodzi chithunzi sichinkasuntha. Ndinawaonetsa, ndipo kameneko tinakasiya pa liwiro lake.